Nyenyezi zitatu: 44 wa shopu imeneyi si 44 amene mumamudziwa

Ndinayamba ndapereka nyenyezi imodzi, ndipo ndemanga yoyambayo ndinailemba mtima uli phuphuphu. Ndaifufuta, ndikulembanso pano mtima utatsikako, koma wogulitsayu sindinamukhululukire zonse.

Ndi nsapato zachikopa zofiirira zija za zingwe, za madola 32, zochokera ku China. Kuwonjezera apo ndinalipira ejenti wobweretsa katundu pa kilo, ndipo amene mumaoda zinthu kunja mukudziwa mmene dola ikupezekera movutikira masiku ano. Zinatenga masabata asanu. Chikopa n'chabwino, kasokedwe kake n'kaudongo, mtundu ndi womwe uja wa pa chithunzi. Pamenepo palibe mlandu.

Mlandu uli pa sayizi. Ine kuyambira ndili mnyamata ndimavala 10 m'mashopu a kuno ndi a ku Joni, ndipo pa kaunjika ndikatembenuza nsapato n'kuona 44 pansi pake, ndimadziwa kuti ndi yanga ngakhale ndisanayese. Pa tsamba la wogulitsayu, posankha sayizi panalembedwa `EU 44`. Ndinadina pomwepo osaganiza kawiri. Komanso ndinali ndi chondilimbitsa mtima: chaka chatha mayi a kunyumba anagula ku shopu yomweyi nsapato za 39, zinawakwana ngati anachita kuwayeza.

Zanga zinafika Lachinayi, ukwati wa mng'ono wanga uli Loweruka, ine n'kukhala mmodzi wa operekeza. Phazi linalowa, inde, koma chala chachikulu chinakagunda kutsogolo n'kupindika. Ndinati mwina ndi sokosi, ndinavula sokosi. Chimodzimodzi. Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, musakakamire, kavaleni zakale zija." Ine makani. Ndinapita nazo kwa wosoka nsapato wa pamsika wathu kuti azifutukule. Mkuluyo anapisamo dzanja, n'kuyang'ana phazi langa, n'kundiuza kuti, "Achimwene, m'mbalimu nditha kukufutukulirani, chikopa chimamva. Koma mulitali nsapato sikula." Sindinamvere. Loweruka ndinazivala. Ku tchalitchi ndinapirira, koma pofika nthawi ya perekaniperekani ndinali ndikuvina ngati ndaponda minga, ndipo madzulo chikhadabo cha chala chakumanja chinali chitada bii, kuchidendene kuli thuza. Pa zithunzi zonse za ku holo ndaima chopendekera. Azakhali mpaka anafunsa ngati ndinavulala ku mpira.

Lamulungu ndinalembera wogulitsa. Yankho lake ndi lomwe linandipsetsa mtima kuposa thuza lija. Ankangonditchula kuti bwenzi lokondedwa, kenako n'kunena kuti ndikanayang'ana tchati cha masayizi. Tchati chakecho chinali chithunzi chomaliza pa zithunzi zisanu ndi zinayi, kuseri kwa zithunzi za katoni. Ndinamufunsa katatu chifukwa chimene analembera `EU` pa nambala imene si ya ku Ulaya. Katatu konse ananditumiziranso tchati chomwecho ndi kankhope komwetulira. Zobweza anati n'zotheka, bola ndilipire ndekha ulendo wobwerera ku China, womwe ndalama zake zikanaposa mtengo wa nsapato. Mapeto ake anandibwezera madola 5.

Nditakhala pansi ndi tchaticho m'pamene mkwiyo unayamba kuchepa, chifukwa tchati sichinaname. Pa mzere wa 44 panalembedwa 27 cm pansi pa mutu wakuti `Foot length`. Pa lilime la nsapato, m'kati, padindidwa 44 ndipo pambali pake pali 270, kutanthauza mamilimita 270. Nsapato inali ikundiuza yokha kuti inapangidwira phazi la masentimita 27. Langa ndinali ndisanaliyezepo chibadwire.

Ndinatenga pepala la A4, lomwe mulitali mwake ndi masentimita 29.7, n'kuligoneka pa simenti m'mphepete mwake mutagunda khoma. Ndinaima papepalapo chidendene chitatsamira khoma, nditavala sokosi, ndipo mwana wanga analemba kamzere kutsogolo kwa chala chachitali, pensulo ataiimika chilili. Muziyeza muli chiimire, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi, komanso madzulo, poti limafufumako mukayenda tsiku lonse. Lakumanzere linapezeka 27.7, lakumanja 28 ndendende. N'chifukwa chake chikhadabo chakumanja ndi chimene chinalipira. Pogula mumatsata phazi lalikululo.

Ndiye phazi la masentimita 28 ndinaliika m'nsapato ya phazi la 27. Sentimita imodzi pa rula imaoneka yochepa, koma ndiwo mpata wonse umene zala zimafuna kutsogolo poyenda.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nanga 44 wa pa kaunjika amandikwana bwanji. Nkhani yake ili motere. Sayizi ya ku Ulaya siyeza phazi, imayeza chikombole chimene amaumbirapo nsapato, ndipo chikombolecho chimatalika kuposa phazi ndi sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Nambala iliyonse imasiyana ndi inzake ndi magawo awiri mwa atatu a sentimita, pafupifupi mamilimita 6.7. Choncho mukafuna kupeza sayizi ya ku Ulaya, muphatikize 1.5 pa utali wa phazi, kenako muchulukitse ndi 1.5. Ine 28 kuphatikiza 1.5 ndi 29.5, kuchulukitsa ndi 1.5 zikupereka 44 ndi kanyenyeswa. Ndiye 44 wanga wa pa kaunjika uja.

Ogulitsa ambiri a ku China amatsata kawerengedwe kena, kakale kwawoko. Amachulukitsa utali wa phazi ndi 2 n'kuchotsera 10. Nambala iliyonse imakwera ndi theka la sentimita basi. Pa kawerengedwe kameneka phazi langa la 28 ndi 56 kuchotsera 10, yomwe ndi 46. Manambala ake amaoneka ngati a ku Ulaya, 39, 40, 41 mpaka m'tsogolo, koma makwerero ake ndi aafupi, ndiye phazi likamakula mawerengedwe awiriwa amatalikirana. Wogulitsayu anangotenga manambala akwawo n'kuwamata `EU` kutsogolo. Apa ndi pamene ndikumuimba mlandu mpaka lero.

Za mayi a kunyumba zija ndinazimvetsanso. Tinayeza phazi lawo, 24.5. Ku Ulaya: 26 kuchulukitsa ndi 1.5, yankho 39. Ku China: 49 kuchotsera 10, yankho 39. Pa phazi la msinkhu umenewo njira ziwirizi zimakumana, ndiye iwo sakanaona vuto. Mukawerenga ndemanga za m'munsimu muona kuti oyamikira kuti sayizi ndi yolondola ambiri ndi ovala 38, 39, 40. Olira ndife a mapazi aakulu. Wa phazi la 26.5, amene amavala 42 wa ku Ulaya, pano afunika 43. Ine ndinafunika kudumpha manambala awiri athunthu.

Pa tchati chomwecho pali mizati ya `UK` ndi `US`, ndipo imeneyo musaikhulupirire n'komwe pa shopu ino. Pambali pa 44 wawo analemba `UK 10`, chonsecho 10 weniweni ndi wa phazi la pafupifupi masentimita 28. Sayizi ya ku Britain, yomwe ndi imene tinazolowera kuno ndi ku Joni, imakwera ndi gawo limodzi mwa atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5, ndiye singayende mzere umodzi ndi manambala okwera ndi mamilimita 5. Penapake wolemba tchati amangokankhira kuti mizere ikwanirane. Ya ku America ya abambo nthawi zambiri imaposa ya ku Britain ndi nambala imodzi, makampani ena ndi theka, ndipo ya amayi ili ndi manambala akeake. Pa mizati yonseyo, umene sungakunamizeni ndi wa masentimita wokha.

Ngakhale pa masentimitapo pali kamsampha kena kamene ndinakaona nditayamba kusuzumira m'mashopu ena. Ena amalemba `Foot length`, ena `Insole length`. Woyambayo ndi utali wa phazi lanu, mpata wa zala anauwerengera kale, ndiye mumangosankha mzere wofanana ndi muyeso wanu, ndipo mukagwera pakati mumakwera m'mwamba. Wachiwiriyo ndi utali wa chopondera cha m'kati mwa nsapato. Mukasankha chopondera cha 28 phazi lanu lili 28, zala zidzakhala zitagunda kale musanaponde n'komwe. Pamenepo muwonjezere nokha sentimita imodzi kapena kucheperako pang'ono. Ndinasolola chopondera cha nsapato zanga zatsopanozo n'kuchiyeza, 27.8. Cha nsapato zakale zimene mayi ankati ndivale chinali 29. Kuyeza chopondera cha nsapato imene imakukwanani bwino ndi njira yachidule yodzitsimikizira, ndipo ndikanachita zimenezi pa mphindi ziwiri, chikhadabo changa chikanapulumuka.

Poti mtundu wa nsapatoyo ndinaukonda, ndipo manyazi anali atandigwira, ndinaodanso 46 kwa munthu yemweyo. Mundiseke. Ndisanalipire ndinamuuza kuti asolole chopondera, aike tepi pamwamba pake, anditumizire chithunzi. Anazengereza masiku awiri, koma anatumiza, tepi ikusonyeza 28.8. Zafika mwezi watha, pa lilime padindidwa 280. Mulitali zandikwana bwinobwino, kutsogolo kukutsala mpata wa chala chimodzi cha dzanja. M'mbali zinali zothinako, chifukwa tchati chake sichinena chilichonse za mulifupi ndipo phazi langa ndi lotambalala, la munthu amene anakula akuyenda chapansi kumudzi. Wosoka nsapato uja anaziika pa chikombole usiku umodzi, n'kundiseka kuti, "Izi ndiye zimatheka, achimwene." Pano ndimapita nazo ku ntchito tsiku ndi tsiku.

Za 44 zija anatenga alamu anga, omwe phazi lawo tinaliyeza pa pepala lomwelo n'kupeza 26.8. Akuti adzandipatsa ndalama akagulitsa soya. Nyenyezi yachinayi ndidzawonjezera tsiku limene wogulitsayu adzachotse `EU` posankha sayizi paja n'kubweretsa tchati kutsogolo. Ndinayang'ananso dzulo, zikadali momwemo.