Mizeremizere pa chithunzi cha sikirini kapena nyuzi: njira yabwino ndi iti?

Mwezi watha mchemwali wanga ananditumizira chithunzi cha zotsatira za mayeso a mwana wake, chojambulidwa pa laputopu ya mnzake. Manambala anali ataphimbidwa ndi mizere yokhotakhota yobiriwira ndi yofiirira, moti 3 ndi 8 sindimatha kuzisiyanitsa. Iye ankati kamera ya foni yatha. Koma kamerayo inalibe vuto.

Pindani neti ya udzudzu pawiri n'kuyang'ana kowala. Mudzaona mafunde akuluakulu omwe palibe pa nsalu imodzi payokha, ndipo mukasuntha pang'ono amavina. Mafundewo amabadwa poti timabowo ta mbali ziwirizo tikulunjikana pena, pena n'kuphonyana. Ndi zomwezo zimachitika pojambula. Sikirini ndi timadontho tondandalikana m'mizere, mapikiselo aja, ndipo kachipangizo kolandira kuwala m'kamera nakonso ndi timadontho tondandalikana. Ta m'kamerato tili ndi zosefa, tina tofiira, tina tobiriwira, tina tabuluu, n'chifukwa chake mizereyo imabwera ndi mitundu ngakhale tsambalo ndi loyera.

Njira yoposa zonse ndi kusajambula n'komwe. Sikirinishoti imakopera mapikiselo momwe alili, neti yachiwiri palibe. Pa mafoni ambiri a Android dinani batani lozimitsira pamodzi ndi lotsitsira mawu, ndipo pa Windows ndi `Windows + Shift + S`. Vuto ndi lakuti chipangizo chikhoza kukhala cha eni, kapena pulogalamu, monga zina za mabanki, n'kukana.

Zikatero, pali kusintha mtunda ndi kupendeketsa foni, ndipo ine ndimayambira pa mtunda. Laputopu ija inali ya mapikiselo 1366 m'lifupi, kamera ya mamegapikiselo 12, yomwe imajambula timadontho pafupifupi 4000 m'lifupi. Mchemwali anaima patali, sikirini n'kungotenga timadontho ngati 1500. Apa kadontho ka sikirini ndi ka kamera tatsala pang'ono kufanana kukula, ndiye pomwe mafunde amakulira. Ndinamuuza ayandikire mpaka sikirini idzadze chithunzi chonse. Tsopano pikiselo iliyonse inagwera pa timadontho pafupifupi titatu ta kamera, kamera n'kuiona bwinobwino, manambala n'kuwerengeka. Chofunika ndi kupitirira tiwiri pa pikiselo imodzi. Pa foni ya 1080 x 2400 kudzadzitsa chithunzi kumangopereka osakwana tiwiri, choncho jambulani theka la sikirini, kenako theka linalo. Kubwerera patali kwambiri nakonso kumathetsa mizere poti lenzi siithanso kulekanitsa timadontho, koma zilembo zimachepa. Njira imeneyi ndi yabwino pa TV, osati pa lisiti.

Kupendeketsa n'kwachangu. Zunguzani foni pang'onopang'ono uku mukuyang'ana, mafunde amachepa kukula mpaka osavutanso m'maso. Koma sikuwachotseratu, ndipo tsamba limatuluka lopendekeka, mumayenera kuliwongola pambuyo pake. Ena amasokoneza fokasi dala podina chinthu cha m'mbali. Pa chithunzi cha nkhope zimagwira, koma pa manambala ang'onoang'ono musayerekeze, mungothetsa mizere pamodzi ndi zolembedwazo.

Pa pepala nkhani ndi ina pang'ono. Yang'anitsitsani chithunzi cha m'nyuzi mudzaona kuti ndi timadontho ta inki, mizere pafupifupi 85 pa inchi, pomwe magazini amafika 133 kapena 150. Zilembo zakuda zilibe timadontho timeneti, motero kalata sivuta. Zovuta ndi zithunzi ndi malo otuwa. Apa sikana imaposa foni ngati pulogalamu yake ili ndi `Descreen`, yomwe imasungunula timadontho tija. Ngati mulibe, sikanani pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi, kenako mu pulogalamu yokonzera zithunzi ikani `Gaussian Blur` pang'ono mpaka timadontho tisungunuke, ndiyeno chepetsani chithunzicho. Mukayamba ndi kuchepetsa, mizere imalowa ndipo sichokanso. Kukonza pambuyo ndiko ndimakuika kumapeto: `Moiré`, chida chochotsera mizereyi mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, imatsuka mitundu, koma mafunde otuwa nthawi zambiri amatsala.

Musanafufute chithunzi, chikulitseni ndi zala. Mizere ikamasintha maonekedwe kapena kuzimiririka, ndiye kuti ikubadwa pa sikirini yanu yomwe mukuonerayo, chithunzi chili bwino. Chitumizeni pa WhatsApp ngati `Document` kuti chisachepetsedwe m'njira. Koma mukaona mikwingwirima yakuda yowongoka ikuyenda m'kamera musanajambule, kumeneko ndi kuphethira kwa sikirini, kupendeketsa sikuthandiza. Wonjezerani kuwala kwa sikiriniyo mpaka pamapeto, n'kujambulanso.