Kuchapa, kabaza kapena kusunga ana: ndi iti ingakudyetseni pa Mponela?

Funso ili limabwerabwera, munthu wapeza kandalama kake ka ku banki mkhonde ndiye akufuna kuyamba bizinesi yothandiza anthu, osati yogulitsa katundu. Ndikamba za pa Mponela poti ndi pomwe ndikupadziwa, koma olo muli ku Lunzu kapena ku Area 25 zambiri ndi zomwezi. Pa Mponela pakukula mofulumira, msewu wa M1 wadutsa pakati, malojii ali mbwee chifukwa a boma ndi amabungwe amakonda kudzachitira misonkhano pano, ndiye pali anthu a pantchito ambiri oti ndalama ali nayo koma nthawi alibe. Ine ndikamayerekeza sindiyamba ndi phindu ayi, ndimafunsa kuti ndalama imalowa liti, komanso chomwe chingaimitse ntchito tsiku lonse ndi chani.

Kuchapa ndi komwe ndapanga ndekha. Kuyamba kwake nkotchipa, mabeseni atatu, chingwe, mapegi, simbi ndi thebulo basi mwayamba, mashini mudzagula patsogolo. Ndipo mukamadzagula tengani ija ya zipinda ziwiri, mbali ina yochapa ina yofinya, chifukwa madzi mumathira nokha ndi ndowa, pomwe ya otomatiki imafuna mpopi wa mphamvu ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito zovala zimakhala zatsekeredwa momo. Mdani wamkulu apa ndi madzi. Mtolo umodzi kuchapa ndi kutsukuluza kawiri zigubu za malita 20 zimatha zisanu kaya zisanu ndi chimodzi, ndiye opanda diramu kapena thanki yosungira mpopi ukauma nanunso mwauma. Simbi khalani nazo ziwiri, ya magetsi ndi ya makala. Kusita musamakuone ngati kukongoletsa chabe, nthawi ya mvula kuli ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanika panja, munthu akavala chosasita mphutsi imalowa pakhungu nkutuluka kachithupsa, kasitomala zikamuchitikira mwana wake sabweranso. Nthawi yomweyo ya Disembala mpaka Malichi ntchito imachuluka chifukwa cha matope koma bulangete imatha masiku awiri osauma nkuyamba kununkha chinyezi, ndiye pakhale shedi yoyanikira yopita mphepo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo, inu muikemo mitengo ya kwanu. Basiketi imodzi mwatchaja K10,000. Sopo ndi madzi K2,500, makala kapena mayunitsi K1,500, wokuthandizani K2,000, kukatenga ndi kukasiya K1,000, yanu yatsala K3,000. Mabasiketi asanu patsiku ndi K15,000, sizoipa. Koma tsiku lina khala lagwera pa shati ya munthu ya K25,000, phindu la mabasiketi asanu ndi atatu lapita ndipo silinakwanebe. Ine zinandionekera, chitenje chatsopano chinasuluka nkudetsa mayunifomu oyera awiri, ndinalipira ndithu. Kuchokera pamenepo chovala chilichonse timawerengera limodzi ndi mwini wake, kulemba mu kabuku, chong'ambika kale kuchijambula pa foni, ndipo chatsopano cha mtundu timayamba tanyika kansonga m'madzi tione ngati chikutaya utoto.

Za malojii anthu amazithamangira poti mashiti ndi matawelo ndi ambiri komanso osavuta kusita. Zoona, koma ambiri amalipira pa invoisi, iwonso akudikira amene anachititsa msonkhano awalipire. Loji ina yake inandisunga miyezi iwiri ine ndikugula sopo ndi ndalama ya mthumba. Mabanja khumi olipira pompopompo pa Airtel Money kapena Mpamba amaposa loji imodzi ya ngongole.

Kabaza wa delivale ndi zosiyana kwambiri. Ndalama yolowera ndi yaikulu, njinga yamoto, kuilembetsa, inshuwalansi, laisensi, zipewa, koma ndalama imalowa tsiku lomwelo. Njinga zing'onozing'onozi zimayenda makilomita 35 kapena 40 pa lita ngati injini ili bwino ndiye mafuta paokha si ambiri pa ulendo, vuto ndi pomwe asowa, mwaona nokha mizere ya pa filing'i sitesheni zaka zapitazi, tsiku lonse pa mzere kapena kugula a m'zigubu okwera mtengo mwinanso osakaniza. Chachiwiri, pa tauni ngati ino delivale payokha siyikwana, anthu ambiri msika ali nawo pafupi. Imayenda ngati mwagwirizana ndi malo enieni, lesitilanti yotumiza nkhomaliro m'maofesi, famase, shopu ya hadiweya, wogulitsa gasi, kwinako mukunyamula anthu. Ndipo ngati simukwera nokha mwapatsa mnyamata wa tageti, woti azikupatsani ndalama yomwe mwagwirizana tsiku lililonse, dziwani kuti iye akuthamangitsa ndalama ya lero, za oyilo ndi tcheni si zake. Muziona nokha oyilo sabata iliyonse, akada bii ndi kuchepa kapena utsi wa buluu ukayamba kutuluka kumbuyo ndiye kuti injini ikudya oyilo, konzekerani ndalama.

Kukonza mafoni sindikhalitsapo, ndi ntchito ya luso, simungaiyambe ndi ndalama yokha, mumayenera kukhala kaye miyezi pa benchi ya wina. Zambiri ndi masikilini, pochajira ndi mabatire, ndipo sipeya zonse nzochokera kunja kudzera ku Lilongwe, ndiye kwacha ikagwa ngati muja inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene munauza kasitomala dzulo lero sukugulanso sikilini.

Kusunga ana ndiye kumene ndimakuopa komanso kukulemekeza. Makasitomala alipo, manesi, aphunzitsi, azimayi a pamsika, ndipo akakukhulupirirani amakhala zaka mpaka kubweretsa ang'ono ake. Mvula, mafuta, magetsi sizikuimitsani kwenikweni. Koma ndalama imabwera kamodzi pa mwezi, malipiro a makolo akachedwa inunso mwachedwa pomwe phala ndi alezi sizidikira, ndipo pa holide ana amachepa koma lendi ili pomwepo. Chiwerengero chimanamiza apa, ana a zaka zitatu kapena zinayi mlezi mmodzi atha kuona gulu ndithu, koma makanda osayenda atatu amutopetsa kale, ndiye khanda liyenera kulipira kuposa wamkulu, ambiri amatchaja mofanana nkumadabwa kuti ndalama ikupita kuti. Pamafunika mpanda, chimbudzi choyenera ana, madzi osamba m'manja, chitsime kapena diramu zovundikira, kulembetsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma lanu ndi laisensi ya ku khonsolo. Lamulo lanu likhale lolemba, mwana wotsegula m'mimba kapena wotentha thupi asabwere, ndipo wodzatenga mwana akhale yekhayo amene makolo anamulembetsa. Shati mukawotcha mumalipira zimatha, koma mwana akavulala kwa inu palibe ndalama yokonza zimenezo.

Ndiye amene ali ndi ndalama yochepa komanso malo a madzi, ine ndingati ayambe kuchapa, agwirizane ndi kabaza mmodzi wodalirika azikatenga ndi kukasiya mabasiketi Lolemba ndi Lachinayi m'malo mogula njinga. Wa njinga agule ngati akwera yekha. Zosunga ana ndingalimbikitse mayi kapena bambo amene azikhalapo iye mwini tsiku lonse ndipo ali ndi ndalama yolipira alezi miyezi itatu olo makolo asanalipire.