Tebulo la ICE: kunyalanyaza x kapena kudzera pa kwadiratiki?

Kujambula tebulo la ICE, lomwe timawerengera nalo kuchuluka kwa makemikolo zinthu zikakhazikika, sikuvuta. Mzere wa I ndi mamolo pa lita amene tayamba nawo, wa C ndi kusintha kwake, wa E ndi amene alipo zinthu zikakhazikika. Mkangano umabuka pofuna kupeza x, yemwe ndi kukula kwa kusinthako, chifukwa njira zilipo ziwiri: yachidule yonyalanyaza x, ndi yaitali ya kwadiratiki.

Titenge asidi wa asetiki wa mamolo 0.10 pa lita, kapena kuti 0.10 M, amene Ka yake, nambala yosonyeza mmene asidi amagawikira m'madzi, ndi 1.8 × 10⁻⁵. Madzi sitiwalemba m'tebulo.

```
     CH3COOH    H+    CH3COO-
I    0.10       0     0
C    -x         +x    +x
E    0.10 - x   x     x
```

Poti Ka ndi [H+][CH3COO-] / [CH3COOH], mzere wa E ukutipatsa x² / (0.10 − x) = 1.8 × 10⁻⁵.

Wa njira yachidule amati: Ka ndi yaing'ono, ndiye asidi wogawika ndi wochepetsetsa, 0.10 − x tingoitenga ngati 0.10. Pamenepo x² = 1.8 × 10⁻⁶, ndipo x ndi 1.34 × 10⁻³ M. Wa kwadiratiki sataya kanthu. Amasanja x² + 1.8 × 10⁻⁵x − 1.8 × 10⁻⁶ = 0, napeza mayankho awiri, n'kusiya lokhala pansi pa ziro poti mamolo sangachepere ziro. Iye wapeza 1.33 × 10⁻³ M. Apa wachidule wapambana, thukuta la mnzakeyo langopita pachabe.

Koma tasungunulani asidi yemweyo ndi madzi mpaka afike 0.00010 M. Ka sinasinthe, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa, poganiza kuti kuchepa kwa Ka pakokha ndi chilolezo. Njira yachidule ikupereka 4.2 × 10⁻⁵ M, pamene kwadiratiki ikupereka 3.4 × 10⁻⁵ M. Chavuta n'chakuti asidi wofooka akasungunuka kwambiri, gawo lake logawika limakula, motero x salinso kachinthu kakang'ono poyerekeza ndi 0.00010.

Mungadziwe bwanji kuti chidule chakunamizani? Gawani x amene mwapeza ndi nambala ya mu mzere wa I. Poyamba paja zinali 1.3 peresenti, kachiwiri kano ndi 42 peresenti. Malire amene anthu amatsata ndi 5 peresenti. Mukapyola apo, yankho lanu litayeni.

Ine ndimayamba ndi chidule nthawi zonse, chifukwa ngakhale chikalephera chimandionetsa dera limene yankho lili, ndipo ndikaphonya chizindikiro mu kwadiratiki ndimazindikira msanga. Chimene sindilola ndi kusiya kuyesa kwa 5 peresenti. Ndipo njira zonse ziwiri sizingakupulumutseni ngati mzere wa C walakwika: pa N₂O₄ ⇌ 2NO₂, pansi pa NO₂ pamalembedwa +2x, ndipo mu Kc, yomwe imagwira ntchito ngati Ka ija, mumalowa (2x)², yomwe ndi 4x², osati 2x².