Satifiketi yaulere ya Let's Encrypt kapena yogula: kodi kusiyana kuli pati?

Anzanga amene mumasamalira mawebusayiti, funso ili limabwera nthawi iliyonse mwini bizinesi akaona bilu ya satifiketi yotetezera webusayiti yake: "Kodi satifiketi yaulereyi ndi yodalirikadi, kapena tigule yeniyeni?" Ndagwiritsa ntchito mitundu yonse iwiri, yaulere ya Let's Encrypt ndi yogula monga zimene amagulitsa DigiCert, Sectigo kapena GlobalSign, ndipo yankho lake limaoneka bwino munthu akayamba waona chimene chimachitika bulawuza ndi seva zikamapatsana moni.

Mu TLS 1.3, njira yobisira zokambirana za bulawuza ndi seva imene inakhazikitsidwa mu 2018, bulawuza ndiyo imayamba kulankhula. Imatumiza uthenga wotchedwa ClientHello, mmene muli dzina la webusayiti imene ikufuna, njira zobisira uthenga zimene ikudziwa, ndi gawo lake la kiyi yongogwiritsa ntchito ulendo umenewo. Seva imayankha ndi ServerHello, mmenenso muli gawo lake la kiyi. Pamenepo mbali zonse ziwiri zimawerengera chinsinsi chimodzi popanda kuchitumiza pa waya, ndipo zonse zotsatira zimayenda zobisika. Apa m'pamene seva imatulutsa satifiketi yake, n'kutsatiza uthenga wa CertificateVerify, umene uli siginecha ya zonse zimene zakambidwa kuyambira pachiyambi. Siginechayo imapangidwa ndi kiyi yachinsinsi imene ili pa seva yokha. Bulawuza imaiyesa ndi kiyi yapoyera imene yalembedwa m'satifiketi, ndipo zikagwirizana imadziwa kuti amene ikulankhula naye sanangokopera satifiketi ya mnzake koma alidi ndi kiyi yake. Zonsezi zimatha pa ulendo umodzi wopita ndi kubwera, pamene TLS 1.2 ya 2008 imafuna maulendo awiri.

Taonani ntchito ya satifiketi pamenepa. Siyo imene ikubisa uthenga ayi. Kiyi yobisira yachokera pa kusinthana kuja kwa ulendo umodzi. Satifiketi ili ngati kalata ya mfumu yochitira umboni kuti kiyi iyi ndi ya dzina ili. Bulawuza imafunsa zinthu zochepa: kodi dzina limene ndafuna lalembedwamo, kodi tsiku la lero lili pakati pa masiku oyambira ndi othera, ndipo kodi unyolo wa masiginecha ukukafika kwa satifiketi ya muzu, ya wopereka masatifiketi, imene ndimaikhulupirira kale. Pa mafunso amenewa palibe lonena za mtengo. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti satifiketi yodula imabisa uthenga mwamphamvu kuposa yaulere, sakunena zoona. Mphamvu yobisira imachokera pa mmene mwakonzera seva yanu.

Kusiyana koyamba kwenikweni kuli pa zimene wopereka satifiketi anafufuza asanasayine. Let's Encrypt imapereka mtundu umodzi wokha, DV, umene umangotsimikizira kuti wopemphayo akulamulira domeniyo. Imachita zimenezi ndi makina okhaokha kudzera mu njira yotchedwa ACME: imakuuzani kuti muike kafayilo pansi pa `/.well-known/acme-challenge/`, kenaka imabwera pa poti 80 kudzakaona. Mukafuna satifiketi yophimba mayina onse a pansi pa domeni yanu, monga `*.example.com`, umboni wake uyenera kuikidwa mu DNS. Ogulitsa nawonso ali ndi DV, koma alinso ndi OV ndi EV, kumene anthu amafufuza ngati kampaniyo inalembetsedwadi ndipo dzina lake limalembedwa m'satifiketi. Izi zimatenga masiku ndipo zimafuna mapepala.

Kale EV inali ndi phindu looneka ndi maso, chifukwa dzina la kampani linkaoneka pafupi ndi adiresi ya webusayiti. Mu 2019 Chrome 77 ndi Firefox 70 anachotsa dzinalo pamalo paja, ndipo lero kasitomala amene ali pafoni sangasiyanitse EV ndi DV pokhapokha atatsegula yekha tsatanetsatane wa satifiketi. Sindinaonepo kasitomala wamba akuchita zimenezo. Komanso tizinena chilungamo mbali inayo: DV sinena kanthu za khalidwe la mwini webusayiti. Wakuba amene walembetsa domeni yofanana ndi ya banki akhoza kutenga DV yake mosavuta, yaulere kapena yogula. Kulumikizana kudzakhala kobisika bwinobwino, koma mukulankhula ndi wakuba.

Kusiyana kwachiwiri ndiko kumene kumagwetsa mawebusayiti, ndipo ndi masiku. Satifiketi ya Let's Encrypt yakhala ikugwira ntchito masiku 90. Ambiri akhala akuopa zimenezi n'kusankha yogula kuti apume chaka chathunthu. Koma yauleretu siyenera kukonzedwa ndi manja. Pulogalamu ngati Certbot imadzuka yokha n'kupempha yatsopano kukatsala masiku pafupifupi 30, kotero zikalephera muli ndi mwezi wathunthu woti muzindikire. Yogula yoika ndi manja imadalira chikumbumtima cha munthu, ndipo pakatha chaka munthu uja mwina anasiya ntchito, kapena imelo yokumbutsa inapita ku adiresi imene palibe amaitsegula. Mpumulo wa chakawo nawonso ukutha. Kuyambira Seputembala 2020 malire anali masiku 398, ndipo mu 2025 bungwe la CA/Browser Forum linagwirizana zowatsitsa pang'onopang'ono: masiku 200 kuyambira Malichi 2026, 100 kuyambira Malichi 2027, ndi 47 kuyambira Malichi 2029. Lamuloli likukhudza aliyense, wogulitsa ndi wopereka mwaulere yemwe. Ndiye ngakhale mugule, funsani ngati wogulitsayo amalola ACME, chifukwa kuika satifiketi ndi manja kasanu ndi katatu pachaka palibe angakwanitse osaphonyako.

Makina nawo ali ndi pofooka pake. Wina akatseka poti 80 poganiza kuti zonse zikuyenda pa 443, kukonzanso kumalephera mwakachetechete. Nthawi zina satifiketi yatsopano imabwera ndithu, koma seva sinauzidwe kuti iwerengenso mafayilo, ndiye ikupitiriza kuonetsa yakale mpaka itatha. Let's Encrypt inasiyanso kutumiza maimelo okumbutsa mu 2025, choncho kuyang'anira masiku ndi udindo wanu. Ine ndikangomaliza kuika, ndimayesa kaye:

```
sudo certbot renew --dry-run
```

Tsopano vuto limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa limanamiziridwa mtundu wa satifiketi pamene silikhudzana nawo. Ndinaitanidwa kukaona webusayiti ya malo ena ogona alendo. Anali atangoika satifiketi yogula. Pa kompyuta ya mu ofesi zonse zinkatseguka bwino, koma kapulogalamu kawo kolandirira maoda, kamene kamalumikizana ndi seva popanda bulawuza, kanasiya kugwira ntchito tsiku lomwelo. Mwini malo ankaganiza kuti wagulitsidwa satifiketi yachinyengo. Ndinalemba izi, kuika dzina la domeni yawo pamene pali `example.com`:

```
openssl s_client -connect example.com:443 -servername example.com -showcerts
```

Pansi pa mawu akuti `Certificate chain` panali satifiketi imodzi yokha, ya nambala 0, ndipo kumapeto kunalembedwa `Verify return code: 21 (unable to verify the first certificate)`. Chifukwa chake n'chakuti opereka masatifiketi sasayina yanu ndi kiyi ya muzu mwachindunji. Muzu umasayina satifiketi yapakati, yapakatiyo n'kusayina yanu. Foni kapena kompyuta imasunga mizu, ndipo ndi ntchito ya seva kutumiza yapakatiyo pamodzi ndi yake pa nthawi ya moni uja. Wogulitsa anatumiza mafayilo awiri, koma amene anaika anangotenga imodzi. Chrome inabisa cholakwacho chifukwa imatha kukadzitengera yokha satifiketi yapakati imene ikusowa, pamene mapulogalamu ambiri ang'onoang'ono sachita zimenezo, amangokana basi. Tinalumikiza mafayilo awiriwo kukhala imodzi, ya webusayiti pamwamba, yapakati pansi, n'kuuza seva iwerengenso. Titayesanso panaoneka 0 ndi 1, yankho n'kukhala `0 (ok)`, maoda n'kuyambiranso kulowa.

Cholakwa chomwechi chimachitikanso ndi yaulere. Certbot imasiya `cert.pem` ndi `fullchain.pem` m'foda imodzi, ndipo pa nginx muyenera kuloza `fullchain.pem`. Kungoti Certbot ikakonza yokha seva imasankha yoyenera, pamene yogula yobwera pa imelo imadalira woikayo, ndiye n'chifukwa chake vutoli ndalipeza kawirikawiri kumbali yogula.

Pali malo amodzi pamene yogula ikhoza kupambana, ndipo kwa ife amene makasitomala athu ena akadali ndi mafoni akale si nkhani yoinyalanyaza. Muzu wa Let's Encrypt, ISRG Root X1, mulibe m'mafoni a Android otsika kuposa 7.1.1. Kwa zaka zingapo Let's Encrypt inkadalira siginecha ya muzu wakale wotchedwa DST Root CA X3, umene unatha pa 30 Seputembala 2021, ndipo njira yapadera imene inasungabe mafoni akalewo inatha mu 2024. Foni yotere imaonetsa `NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID` pa webusayiti imene kwa ena onse ili bwino. Ogulitsa ena ali ndi mizu imene inalowa m'mafoni kalekale, koma musangokhulupirira. Funsani muzu umene unyolo wawo ukuthera, ndipo muyese pa foni yakale yeniyeni musanalipire. Kale amene anali ndi foni yotere ankatha kuyesa Firefox, imene imabwera ndi mizu yakeyake, koma kuyambira 2025 Firefox yatsopano silowanso m'mafoni amenewa.

Ndipo musasokoneze zimenezi ndi `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`. Uthenga uwu ukamaoneka kwa aliyense, satifiketi yatha. Ukamaoneka pa chipangizo chimodzi chokha, yang'anani tsiku la pa chipangizocho. Kompyuta imene kabatire kake ka mkati kanatha imabwerera ku chaka chakale magetsi akazima, ndipo kwa iyo satifiketi yanu sinayambe n'kugwira ntchito komwe. Palibe satifiketi, ya mtengo uliwonse, imene ingachize zimenezo.

Ine pa webusayiti ya sukulu, tchalitchi, shopu kapena bungwe laling'ono ndimaika ya Let's Encrypt, n'kuwonjezera chondichenjeza masiku akatsika pansi pa 20. Ndimagula pokhapokha ngati banki kapena mnzathu wa bizinesi walemba m'pangano kuti akufuna OV kapena EV, ngati chipangizocho sichingathe kudzikonzera chokha, kapena ngati ndayesa n'kuona kuti makasitomala ambiri ali pa mafoni osadziwa ISRG Root X1. Ku malo ogona alendo kuja tinasiya yogulayo igwire ntchito mpaka masiku ake atatsala pang'ono, popeza inali italipiridwa kale ndipo inalibe vuto, kenaka tinaika Certbot.