Mbaula yachitsulo kapena ya dongo mkati: iti iwotcha bwino, iti ifewetsa ndiwo?

Pamsika wa pa boma ku Mangochi, ngakhalenso kwa amisiri okhoma ndowa ndi zitini m'mbali mwa msewu, mumapezeka mbaula za makala za mitundu iwiri. Ina ndi yachitsulo chokhachokha, yopepuka, yotsika mtengo. Inayo ndi ija ambiri amaitcha jiko, yachitsulo kunja koma mkati mwake anaikamo mbale ya dongo lowotcha yokhala ndi mabowo. Mapangidwe ake anachokera ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Zonse zimaphika nsima bwinobwino. Kusiyana kwake kumaoneka pa ntchito ziwiri zosemphana: kuwotcha kapena kukazinga pa moto waukali, ndi kubwatitsa ndiwo pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

Ntchito ziwirizi zimafuna moto wosiyana chifukwa cha madzi. Madzi akawira sapitirira madigiri 100, ndipo kuno kunyanja amawira asanafikenso pamenepo pang'ono. Mukawonjezera moto pansi pa poto wa nyemba amene wawira kale, nyembazo sizipsa msanga ayi. Madzi okha ndi amene amaphwa, makala n'kutha, pansi n'kupserera. Koma kuti nyama kapena khungu la chambo lifiire ndi kununkhira, pamafunika kutentha kopitirira madigiri 140, ndipo mafuta okazingira amafunika kufika cha m'ma 180. Choncho ntchito ina ikufuna moto wambiri kwa mphindi zochepa, ina ikufuna moto wochepa wosasinthasintha kwa maola awiri.

Moto wa makala umalamulidwa ndi mpweya wolowera pansi. Pa mbaula yachitsulo mpweya umalowa paliponse: pakhomo, m'mabowo akuluakulu a pansi pa makala, ndi m'mipata ya mokhomera. Imayaka msanga, mwina mphindi 10 zokha makala onse afiira, ndipo mukaikupiza imalusa nthawi yomweyo. Vuto lake n'lakuti kuibweza n'kovuta. Kachitseko kake, ngati kalipo, nthawi zambiri sikatseka bwino, ndipo chitsulo chopyapyala chimataya kutentha m'mbali. Mbaula ya dongo imachedwa, pamapita mphindi 15 kapena kuposerapo chifukwa dongolo limayamba lamwa kutentha. Likatentha limasunga, n'kumabwezera kutenthako ku makala, motero makala ochepa amakhalabe amoyo ngakhale mwatseka kachitseko. Pa yachitsulo makala ochepa chomwecho amanyeka msanga kapena kuzima.

Njira yosavuta yoyezera moto ndi dzanja. Liikeni pamwamba pa makala, motalikira ngati masentimita 10. Mukalichotsa musanawerenge kufika pa 3, umenewo ndi moto wowotchera. Mukapirira mpaka 5 kapena 6 ndi wapakati, woyenera nsima ndi tomato. Mukafika 8 kapena 10, ndi wobwatitsira.

Tiyeni titenge kilogalamu imodzi ya nyama ya mbuzi, chifukwa imafuna moto wa mitundu yonse iwiri m'poto mmodzi. Ambiri amayamba ndi kuiwiritsa n'kukazinga madzi akaphwa. Pa makala njira imeneyi imakuvutitsani, popeza nthawi imene mukufuna moto waukali ndi imene makala atha mphamvu, ndiye mumasonkhezeranso ena. Moto wa makala umayamba waukali n'kumatsika wokha. Ndi bwino kuutsatira: kazingani poyamba, bwatitsani pambuyo.

Dzazani makala pafupifupi theka la kilogalamu, osapitirira m'milomo mwa mbaula, kuti poto akhale pa zitsulo zake osati pa makalawo. Poto akatsamira makala amatseka njira ya mpweya ndipo moto umafooka. Tsegulani kachitseko konse, dikirani mpaka utsi utatha ndipo makala ayamba kuyera phulusa pamwamba. Terekani poto wokhuthala pansi, thirani mafuta masipuni atatu, ndipo kachidutswa ka anyezi kakalira mukangokaponyamo, ikani nyama. Nyamayo ikhale yopukutidwa madzi, ndipo muikazinge m'magawo awiri kapena atatu. Mukaikhuthulira yonse pamodzi poto amazizira, nyama imatulutsa madzi ake n'kuyamba kuwira, ndipo imatuwa m'malo mofiira. Chizindikiro chake mumachimva ndi khutu: kulira kwa mafuta kumasiya, n'kumveka kubwata. Gawo lililonse lisiyeni mphindi zitatu kapena zinayi musanalitembenuze.

Pa gawo limeneli mbaula yachitsulo ndiyo imapambana. Poto akazizira, mumangokupiza kangapo moto n'kubwerera. Ya dongo imathanso, koma pokhapokha mwaipatsa nthawi kuti itenthe mokwanira ndipo mabowo ake ali oyera. Mabowo a dongo ndi aang'ono, phulusa la dzulo limawatseka mosavuta, ndipo anthu ambiri amene amati jiko ilibe moto amakhala kuti sanaigwedeze phulusa asanakoleze.

Nyama yonse ikafiira, bwezerani m'poto, onjezani anyezi ndi madzi otentha ongofika pamwamba pa nyama, dikirani awire, kenaka tsitsani moto. Apa zinthu zimatembenuka. Pa mbaula ya dongo mumangotseka kachitseko n'kusiya kampata kolowa chala. Musayembekezere kuti moto utsika nthawi yomweyo; dongo latentha, ndipo pamapita mphindi zisanu kapena khumi. N'chifukwa chake ndi bwino kutseka kachitseko madzi asanawire n'komwe, akangoyamba kuonetsa thovu m'mbali. Ukakhazikika, msuzi umangoti bwatu bwatu mwa apo ndi apo pansi pa chivundikiro, ndipo umatha kukhala choncho ola lathunthu kapena kupitirira popanda kuwonjezera khala. Mbuzi yaing'ono imafewa mu ola limodzi ndi theka, yokalamba imafuna maola awiri.

Pa yachitsulo kutseka chitseko sikukwanira. Pamafunika kuphula poto, kuchotsa theka la makala ndi chopanira, kusonkhanitsa otsalawo pakati, n'kuwazapo phulusa pang'ono, lokwana sipuni ziwiri kapena zitatu, kuti lichepetse mpweya. Zimatheka, koma muyenera kukhala pafupi. Pakapita mphindi 20 kapena 30 moto umakhala utafooka, ndiye muwonjezere makala awiri atatu m'mbali mwa oyakawo. Osathira ambiri nthawi imodzi: makala ozizira amayamba aphimba moto, poto n'kusiya kuwira, kenaka onse amayakira pamodzi msuzi n'kusefukira. Nyama yophikidwa pa moto wokwera ndi kutsika chonchi imapsa ndithu, koma mumathira madzi kawiri katatu ndipo msuzi umasukuluka.

Makala amene mwachotsa aja musawataye. Aikeni m'chitini chokhala ndi chivundikiro, azima okha posowa mpweya, mawa mukolezera omwewo. Kuthira madzi pa mbaula n'koipa pa mitundu yonse iwiri: yachitsulo imachita dzimbiri n'kubooka pansi, ya dongo imang'aluka, ndipo ikang'aluka mpweya umalowera m'ming'alumo, kachitseko n'kukhala kopanda ntchito.

Nyemba ndiye zimaonetsa kusiyanaku poyera. Zoviika usiku wonse zimapsa mu ola limodzi kapena limodzi ndi theka, zosaviika zimatha kudya maola atatu. Ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira, makamaka zofiira zija, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimapweteketsa m'mimba. Kenaka tsitsani moto. Pa jiko nyemba zoviika zimatha kupsa ndi makala amene munadzaza poyamba. Pa yachitsulo mudzasonkhezera kawiri kapena katatu, ndipo amene amaphika nyemba kapena nandolo wouma kangapo pa sabata amaona yekha mmene thumba la makala likutsikira.

Kuwotcha chambo pa waya ndi nkhani ina. Chambo wapakatikati, wopala mamba, wong'amba kapena wochekacheka m'mbali, amafuna makala oyala mofanana, opanda lawi, waya ali pamwamba masentimita 8 mpaka 10, mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse. Mbaula yachitsulo, makamaka yotakata kukamwa, imalola kuyala makala mbali imodzi n'kusiya mbali ina yopanda kanthu, kuti nsomba ikafiira kunja muisunthire kozizirako ipse mkati. Mbale ya jiko ndi yopapatiza, kutentha kumasonkhana pakati, choncho pamimba pa nsomba pamapserera mutu ndi mchira zisanapse; muyenera kumasuntha wayayo. Khungu likamamatira, wayayo anali wozizira kapena wosapaka mafuta, kapena mwafulumira kutembenuza. Kampango ali ndi mafuta ambiri amene amadontha n'kuyatsa lawi, ndipo lawi limadetsa nsomba ndi mwaye. Likabuka, nyamulani waya, tsekani chitseko, liziziritseni ndi kaphulusa.

Makala enieniwo nawonso amasintha zotsatira. Olemera, olira ngati chitsulo mukawagundanitsa, monga a tsanya, amavuta kukoleza koma amakhalitsa, ndipo ndi oyenera ndiwo zochedwa kupsa. Opepuka amayaka msanga n'kusanduka phulusa, amakwanira kukazinga usipa kapena mazira. Kukula kwake kumathandizanso: zidutswa zazikulu ngati dzira la nkhuku zimasiya mipata yodutsa mpweya ndipo moto umakhala waukali, pamene zinyenyeswa za pansi pa thumba zimatseka mipata. Zimenezo musaike pansi pokoleza, koma zisungeni; kuwaza pang'ono pamwamba pa moto woyaka kale kumautsitsa ndi kuutalikitsa. Makala amene akufuka utsi wambiri ndi kununkha nkhuni sanapse bwino mu uvuni, ndipo nsomba yowotchedwa pa iwo imawawa.

Kuno kulinso mphepo. Nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mbaula yoyang'anitsa khomo kumwera imakhala ngati wina akuikupiza osaleka. Pokoleza ndi powotcha zimenezi n'zothandiza. Pobwatitsa tembenuzani khomo lifulatire mphepo, kapena tchingani ndi lata. Yachitsulo imavutika kwambiri pamenepa chifukwa mphepo imalowera m'mipata yonse ndiponso imaziziritsa m'mbali. Koma musathawire nayo m'nyumba yotseka mazenera. Makala amene mwawamana mpweya kuti ayake pang'onopang'ono amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu, ndipo zizindikiro zake zoyamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka. Mbaula iliyonse mwa ziwirizi ikhale pakhonde kapena m'khitchini yodutsa mphepo.

Ngati ndalama ikulola mbaula imodzi yokha ndipo pakhomo pamaphikidwa nyemba, nyama ndi mpunga, ya dongo ndiyo yoyenera, ngakhale ndi yokwera mtengo komanso yolemera kunyamula. Wokazinga tchipisi, wowotcha nsomba kapena chimanga chogulitsa, amene amafuna moto waukali tsiku lonse ndi malo otakata, yachitsulo imamuyenera. Pogula jiko, gogodani dongolo ndi chala: lowotchedwa bwino limalira, losapsa kapena long'aluka limamveka logonthera. Yesaninso kachitseko kangapo musanalipire, muone ngati kakutseka popanda kusiya mpata waukulu m'mbali.