Funso Losamveka: Kupeka Yankho kapena Kufunsanso?

Munthu ku Kawale walembera pulogalamu yoyankha mafunso pafoni kuti "mlingo wa madzi ampunga wabuluu kg 7 Lachiwiri". Mawuwa sakupanga funso lililonse.

Pulogalamu yopeka imayankha molimba mtima kuti "Thirani malita 14." Chimachitika nchakuti pulogalamuyi imalosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake, ndiye ngakhale funso likhale lopanda mutu imatulutsabe chiganizo chosalala. Nambalayo imaoneka ngati yowerengedwa, chonsecho palibe chimene yawerengera.

Pulogalamu yofunsanso imati "Sindinamve bwino. Mukufunsa za kuphika mpunga?"

Pa liwiro, yopeka ndiyo imapambana, pomwe yofunsanso imakudyerani kamphindi ndi kabandulo pang'ono.

Zolakwa za yopeka sizioneka, chifukwa yankho labodza ndi loona zimamveka chimodzimodzi. Yofunsanso imakuonetsani pomwe pasokonekera.

Kuti muigwire yopeka, lembani funso lomwelo katatu, nthawi iliyonse poyambira patsopano. Mayankho akamasinthasintha, ikupeka.

Yopeka ingathandize wofuna nthano kapena ndakatulo. Wofunsa mlingo wa mankhwala, feteleza kapena ndalama asankhe yofunsanso.