Mizere, meshi, wivi kapena tsitsi lowongola: chimene chimapirira thukuta la kumasewera

Mayi amene amapita kukachita masewera olimbitsa thupi katatu kapena kanayi pa sabata, kapena amene amasewera mpira wamanja madzulo, sangachape m'mutu tsiku lililonse, chifukwa tsitsi lathu lopotanali limauma ndi kuduka likamakumana ndi sopo pafupipafupi, ndipo chimene walipirira kusaluni sichichedwa kuphwasuka. Kwa ambiri kuchapa kamodzi pa sabata kumakwanira. Vuto lili pa masiku otsalawo, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene munthu amatuluka m'bwalo m'mutu muli chinyezi chokhachokha.

Thukuta la m'mutu ndi madzi okhala ndi mchere pang'ono, ndipo palokha silinunkha. Fungo ndi kuyabwa zimayamba khungu likakhala lonyowa kwa maola ambiri pansi pa tsitsi, chifukwa tizilombo timene timakhala pakhungu la munthu aliyense timachulukana tikapeza chinyezi, kutentha ndi mafuta. Madzi akauma, mchere umatsalira ndipo umaumitsa tsitsi n'kulichotsa kusalala. Choncho poyerekeza masitayilo ine ndimafunsa zinthu ziwiri zokha: kodi khungu limauma msanga bwanji masewera akatha, ndipo kodi chala chokulunga kansalu chingafike pakhungupo osamasula kanthu?

Tsitsi lowongola ndi moto limalephera msanga kuposa onse, ndipo palibe mafuta amene angalipulumutse. Kutentha kumangoliwongola kwa kanthawi, ndipo madzi akalikhudza limabwerera mmene linabadwira, kuyambira kumizu kumene thukuta limatulukira. Ena amalimanga pamwamba pa mutu n'kuvala kalamba ka pamphumi, ndipo izi zimathandiza pa masewera opepuka, bola kalambako asakavule mpaka tsitsi litauma. Koma amene amathamanga kwambiri amapezeka akuliwotchanso mmawa uliwonse, ndipo kuika moto pa tsitsi lokhala ndi mchere ndi chinyezi ndiko kumalidula. Lowongola ndi mankhwala silibwerera, koma limakhala lofooka, ndipo popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi, malo amene latsopano likukumana ndi lowongolalo amaduka mosavuta munthu akamalipesa lili lonyowa.

Wivi yosokera imaoneka bwino kunja ngakhale pa tsiku limene munthu wakhetsa thukuta kwambiri, ndipo n'chifukwa chake imanyenga. Pansi pake pali mizere yophimbidwa ndi ulusi ndi tsitsi lina, nthawi zina ndi kaneti komwe, moti mpweya sulowa ndipo chala sichifika bwino. Amene wachita masewera mmawa angapeze mizere ya pansi ikadali yonyowa masana. Ngati muli ndi makina oumitsira tsitsi ndipo magetsi alipo, mukhoza kuumitsa ndi mpweya wozizira kapena wofunda pang'ono mukukweza mzere uliwonse, koma amene alibe nthawi imeneyo ndi bwino wivi aisungire mwezi wa ukwati kapena wa tchuthi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa kuluka ndi meshi ndi kuluka mizere ya tsitsi lanu lokha. Ubwino wa meshi ndi woti khungu limaonekera pakati pa zingwe, mpweya umadutsa, ndipo mukachoka kumasewera mukhoza kupita kuntchito osasintha kalikonse. Kuipa kwake ndi kulemera. Zingwe zofika m'chiuno zikamangidwa pamwamba pa mutu, ulendo uliwonse umene mwadumpha zimakoka tsitsi la m'mbali ndi la pamphumi, limene ndi lofooka kale, ndipo kukoka kobwerezabwereza kotere ndiko kumabweretsa dazi la m'mbali limene tikuliona pa amayi ambiri. Dazi limeneli likangoyamba kumene tsitsi limatha kumeranso, koma likakhalitsa mizu imafa. N'chifukwa chake wothamanga ayenera kusankha zingwe zofika m'mapewa, zosanenepa kwambiri komanso zosaonda kwambiri, n'kupempha woluka kuti ayambe ndi tsitsi lake lenileni asanalowetse meshi ndiponso asamange zolimba kumizu. Pa masewera zimangidwe pansi, cha kunkhongo, ndi kalamba kofewa, ndipo zisakhale m'mutu kupyola masabata 6 mpaka 8.

Mizere ya tsitsi lanu lokha, yopita kumbuyo, 6 kapena 8, ndi imene ine ndimaiona kuti imapambana. Ndi yopepuka, sikoka pothamanga, imauma msanga kuposa zonse zimene ndatchulazi, ndipo khungu lonse lili poyera. Chofooka chake n'chakuti siikhalitsa: pakatha masabata 2 tsitsi limayamba kutuluka m'mizere ndipo imafunika kulukanso, ngakhale kuti kuluka kwake n'kotchipa ndipo m'bale kunyumba akhoza kukulukani. Amene ntchito yake imafuna maonekedwe ena akhoza kuvala wigi pamwamba pake, koma wigiyo ikhale m'chikwama pa nthawi ya masewera ndipo ivalidwe khungu litaumiratu. Kuvala wigi pa mizere yonyowa kumabweretsa vuto lomwe lija la wivi.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi mizere ndipo amachita masewera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mmawa. Asanayambe avale kalamba ka pamphumi kamene kamamwa thukuta, osati duku lophimba mutu wonse, chifukwa limasunga kutentha. Akamaliza asindikize tawulo pamutu osakhula, popeza kukhula ndiko kumatulutsa tsitsi m'mizere. Kenako anyowetse kansalu koyera m'madzi, akafinye, n'kudutsitsa pakati pa mizere umodziumodzi, makamaka kunkhongo ndi kuseri kwa makutu, kuti mchere uchoke. Mutu ukhale wosaphimba pamene akusamba ndi kuvala, ndipo asanavale wigi agwire kunkhongo ndi chala: ngati pakuzizira, sipanaume. Lachitatu, ngati thukuta linachuluka, akhoza kutsukuluza mutu wonse ndi madzi okha. Loweruka achape ndi shampu wosungunula m'madzi, wothira pakhungu ndi kabotolo, atsukuluze bwino, ndipo atauma apake mafuta ochepa pa tsitsi. Usiku uliwonse agone atamanga duku la satini kuti mizere isaphwasuke.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amagwiritsa ntchito m'malo mwa kansalu konyowa, ndipo zonse sindizivomereza pa tsitsi loluka. Shampu wouma wopopera ndi ufa umene umamwa mafuta, choncho amathandiza pa tsitsi lowongoka lamafuta ambiri, koma sachotsa mchere, ndipo m'mizere amasiya zoyera zooneka ngati mfundu. Mafuta okhuthala opaka pakhungu tsiku lililonse, kaya ndi a nsatsi kapena ena, amabisa kuuma kwa tsiku limodzi koma amagwira fumbi ndi thukuta, ndipo kwa amene ali ndi mfundu mafuta ena amaiwonjezera.

Zizindikiro zoti sitayilo yalephera n'zosavuta kuziona. Tiziphuphu m'mphepete mwa tsitsi, kupweteka kumizu kosatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri chilukireni, ndiponso titsitsi tozuka tokhala ndi kamutu koyera kumapeto, zikusonyeza kuti zamangidwa zolimba kapena zalemera, ndipo ziyenera kumasulidwa ngakhale munalipira zambiri. Fungo limene likubwereranso tsiku lotsatira mutachapa likusonyeza kuti pansi sipakuuma. Ngati kuyabwa ndi mfundu zikupitirira mutamasula ndi kuchapa, kapena pakutuluka mafinya, pitani kuchipatala musanalukenso.